Madola a ku banki pa 31 December, phindu la papepala

Funso: Ndimalemba mabuku a kampani ya soya kuno ku Mchinji. Tili ndi madola 10,000 mu akaunti ya ndalama zakunja, chaka chatha dola itakwera, ndilembe bwanji?

Achimwene, tingoyerekeza kuti madolawo analowa pa K1,700 ndiye m'mabuku muli K17,000,000. Choyamba tengani sitetimenti ya banki, mutsimikize kuti pa 31 December analipodi 10,000 atachotsa zolipira za banki, anthu ambiri amalumpha apa kenako kusiyana kwa machaji kumabisala mu phindu.

Kenako pezani reti ya tsiku lomalizalo, osati avereji ya chaka, lamulo lolembera mabuku la IAS 21 limafuna reti yotsekera chifukwa ndalama za ku banki ndi ndalama zenizeni, si katundu ngati thirakitala amene amakhala pa reti yomwe munagulira. Tinene kuti yafika K1,750, madola aja tsopano ndi K17,500,000, kusiyana K500,000, mulemba chonchi:

```
Dr Bank (USD)                 500,000
Cr Unrealised exchange gain   500,000
```

Mbali ya madola isasinthe, ikhalebe 10,000, mukaona yasuntha dziwani kuti mwalemba ngati dipoziti. K500,000 imeneyo ikulowa mu phindu la chaka ngakhale simunasinthe dola ndi imodzi yomwe, koma abwana asayambe kuiwerengera zogulira matumba ayi, kwacha ikalimba mawa phindulo limasungunuka. Iikeni mu akaunti yakeyake kuti wowerengera msonkho aione payokha.

Mukadzagulitsa madolawo pa K1,760 mu February, phindu la chaka chatsopano ndi K100,000 basi, kuchokera pa K1,750 paja, osati K600,000.