Momwe mungachezere ndi makolo a bwenzi lanu ulendo woyamba

Ulendo woyamba si wofunsira mbeta. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe, ndipo ili ndi tsiku lake. Inu anyamata mukungopita kukaonekera, choncho bwenzi lanu liyambe lawauza makolo kuti kukubwera mlendo, iwo asankhe tsiku. Loweruka masana kapena Lamlungu akaweruka ku tchalitchi ndi nthawi yabwino. Ngati mukuchokera ku Matero kupita ku Chilenje mu Lusaka pa minibasi, nyamukani msanga, chifukwa yachiwiri yokwerera m'tauni sichoka isanadzaze.

Musapite chimanjamanja. Shuga, buledi ndi botolo la saladi n'zokwanira, ndipo muzipereke kwa bwenzi lanu kuti alowe nazo kukhitchini. Ndalama za mu envulopu zisiyeni, ena angaziyese chikole pamene nkhani sinayambe.

Mukafika odirani, vulani kapusi, khalani pomwe akulozerani. Moni amayamba ndi eni nyumba. Yankhani mutanyonyomala pang'ono, mukuwomba m'manja mofatsa, ndipo dzanja mupereke pokhapokha iwo atayamba, lamanzere litagwira mkono wamanja. Atchuleni kuti atate ndi amayi. Mawu oti apongozi sanafike nthawi yake.

Tsono pali funso limene limagwetsa ana ambiri a mu Lusaka: "Kwanu n'kuti?" Mukayankha kuti ku Matero, akuluakulu amangoyang'anizana. Iwo akufunsa kumudzi, mfumu yanu ndi mfunda wanu, pofuna kudziwa anthu amene adzakambirane nawo, komanso ngati palibe chibale pakati panu. Konzekerani yankho musanachoke kunyumba, ngakhale kuwaimbira amalume. Mwachitsanzo: "Ndinabadwira muno, koma amayi kwawo ndi ku Katete, kwa a Kawaza, ndi aNaphiri. Atate ndi a Tembo a ku Petauke." Kwa Achewa musadumphe mbali ya amayi, poti mtundu umatsata kuchikazi.

Yankho lotere limatsegula macheza lokha. Atate akatchula mudzi wawo, afunseni ngati amapitabe ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ngati ndi Angoni, kenaka alekeni afotokoze. Mukakhala Mbemba, nthabwala za chimbuya, zonyozana mocheza pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa kwa Zambia, zibwera ndithu, za mbewa ndi anyani. Sekani, koma ayambe ndi iwo. Ndale zisiyeni panja. Akafunsa za ntchito, nenani yeniyeniyo, kaya mumagulitsa salaula ku Soweto, chifukwa ankhoswe adzafufuzabe.

Nsima ikabwera musakane, ngakhale mutadya kale. Akulu asambe m'manja poyamba, ndipo foni ikhale m'thumba. Bwenzi lanu musaligwiregwire kapena kulitchula maina achikondi pamaso pawo.

Mukaona atate akungoyankha "eya" maso ali pa wailesi yakanema, macheza atha. Thokozani amayi chifukwa cha chakudya, tsazikani kusanade, ndipo lolani kuti akuperekezeni mpaka pageti.