Momwe mungachotsere tchati mu Excel n'kuiika mu lipoti la Word osafifitika kapena kuduka

Mlembi wa gulu lina la alimi a mbatata ya kachewere ku Bembeke anabwera ndi lipoti lake la pachaka pa Dedza boma kuti alipulinte. Mawu onse anatuluka bwino, koma tchati ya matumba omwe anagulitsa mwezi ndi mwezi inangokhala ngati yanyowa ndi mvula. Manambala samawerengeka, ndipo mwezi wa Disembala kunalibe, unadukira kunja kwa pepala. Nditamufunsa, anati anaijambula pa sikirini, n'kuitumiza pa WhatsApp kwa mnzake, mnzakeyo n'kuikokakoka mu Word kuti ikule.

Vuto linayambira pa kujambula sikiriniko. Chithunzi chotere chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo laputopu zambiri zomwe tili nazo kuno zili ndi sikirini ya mapikiselo 1366 m'litali. Tchati ya mlembiyo inatenga mwina 600 okha. Mukawatambasula pa masentimita 16, inchi iliyonse imalandira timadontho 95, pomwe pepala lopulintidwa limafuna 220 kapena 300 kuti lioneke lakuthwa. Kukoka sikuwonjezera timadontho, kumangotikulitsa. Nayo WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chomwe mwatumiza ngati chithunzi wamba.

Choncho yambirani mu Excel momwemo, ndipo yambani ndi kuyeza. Pepala la A4 ndi lotambalala masentimita 21. Ngati m'mbali mwasiya masentimita 2.54 uku ndi uku, monga Word imachitira mukapanda kusintha, malo olembamo amatsala 15.92. Tchati yanu isapose pamenepa. Idineni m'mphepete mwake kuti yonse isankhidwe, pitani pa `Format`, ndipo kumanja kwenikweni, pa `Size`, lembani `15.5 cm` pa `Width` ndi `8.5 cm` pa `Height`. Ngakhale kompyuta yanu ikuonetsa mainchi, lembani ndi `cm` yemweyo, isintha yokha.

Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, koma ndi yomwe imapulumutsa zilembo. Tchati ya masentimita 31 yokhala ndi zilembo za saizi 10, mukaichepetsa ndi theka kuti ikwane papepala, zilembo zija zimasanduka saizi 5, zomwe ngakhale wovala magalasi saziona. Mukaiyeza kaye, zomwe mukuona mu Excel ndi zomwezo zidzatuluke papepala. Ikani zilembo pa 9 kapena 10 ndipo yang'anani ngati mayina onse akuoneka athunthu. Mayina aatali monga Mtakataka, Chafumbwa ndi Golomoti akapanikizana pansi pa tchati, Excel imawapendeketsa kapena kuwadula n'kuika timadontho titatu. Zikatero sinthani mtundu wa tchati pa `Change Chart Type`, musankhe `Bar`, kuti mizati igone chopingasa ndipo mayina apeze malo kumanzere. Dzina lomwe laduka kale mu Excel, Word singalibwezere.

Tsopano koperani tchatiyo ndi `Ctrl+C`. Mu Word, dinani pa mzere wopanda mawu pomwe mukufuna ikhale, koma musathamangire `Ctrl+V`. Pitani pa `Home`, dinani kamuvi ka pansi pa `Paste`, sankhani `Paste Special`, kenako `Picture (Enhanced Metafile)`. Mtundu umenewu susunga timadontho, umasunga malangizo a kajambulidwe, akuti mzere uchoke apa ufike apo, chilembo ichi chikhale pano. Ndiye kaya mukulitse bwanji, umajambulidwanso mwatsopano ndipo sufifitika.

Chifukwa chiyani osangoti `Ctrl+V`? Tchati imatulukadi yakuthwa, koma imakhala yomangirirabe ku fayilo ya Excel ija. Mukanyamula lipoti lokha pa flashi, chingwecho chimaduka ndipo manambala ake simungawasinthenso. Ena amasankha `Embed Workbook`, osadziwa kuti apakira buku lonse la Excel mkati mwa lipoti. Kwa gulu la alimi lija, zikanatanthauza kuti aliyense wolandira lipotilo akanatha kutsegula n'kuona mayina a mamembala ndi ngongole zawo. Lipoti lopita kunja kwa ofesi, ine ndimaliika chithunzi basi. Kuipa kwake n'kwakuti manambala akasintha muyenera kukoperanso, ntchito ya mphindi imodzi.

Ngati tchati iyenera kuyenda payokha kupita kwa munthu wina yemwe akulemba lipoti, Excel ya masiku ano ili ndi `Save as Picture` mukadina tchati ndi batani lakumanja la mausi. Sankhani `SVG` ngati Word ya mnzanuyo ndi yatsopano, poti nayonso sifititika. Apo ayi, sankhani `PNG`, osati `JPEG`, yomwe imasiya litsiro m'mbali mwa zilembo. Mukasunga, onani pa `Properties` kenako `Details` kuti ili ndi mapikiselo angati. Pa masentimita 15.5, m'litali musachepe 1350, ndipo 1800 ndiye bwino kwambiri. Akachepa, kulitsani tchatiyo kawiri mu Excel, zilembo nazonso kawiri, musungenso. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document`.

Tibwere ku kuduka. Pali kuduka kwina komwe kumazunguza anthu: mwamata tchati koma chikuoneka ndi kachidutswa kopyapyala ka pansi pake, zina zonse zabisala kuseri kwa mawu. Tchati sinaonongeke. Ndime yomwe mwaimatamo inaikidwa kuti mizere yake italikirane mwa muyeso wokhazikika, monga zimakhalira m'mafomu ambiri a malipoti omwe timalandira okonzakonza kale, ndiye chithunzi chikukakamizidwa kukwana mu msinkhu wa mzere umodzi. Dinani pa ndimeyo, tsegulani `Paragraph`, ndipo pa `Line spacing` chotsani `Exactly` muike `Single`. Tchati ibwera yonse nthawi yomweyo.

Kuduka kwa kumanja, monga kwa Disembala uja, kumabwera chithunzi chikakula kuposa malo olembamo, kapena chikamayandama pamwamba pa mawu. Pa `Wrap Text` sankhani `In Line with Text` kuti chikhale pamalo amodzi ngati chilembo, ndipo onetsetsani kuti ndimeyo sinalowetsedwe mkati, chifukwa sentimita imodzi yokha imakankhira tchati kunja. Mukafuna kuichepetsa pang'ono, gwirani pakona, osati pakati pa mbali, kuopa kuiphwathalalitsa. Onaninso kuti pepala lili pa `A4`, osati `Letter`. Makompyuta ambiri amabwera ali pa `Letter`, lomwe ndi lotambalala masentimita 21.59, pomwe mapepala ogulitsidwa m'mashopu mwathu ndi A4.

Musanasunge lipoti lomwe muli zithunzi za `PNG`, pitani pa `File`, `Options`, `Advanced`, mupeze `Image Size and Quality`, muchonge `Do not compress images in file`. Chitani izi musanasunge koyamba, chifukwa Word ikafinya chithunzi sichibwereranso, mpaka mutachiikamo china.

Kopulintitsa pitani ndi PDF, osati fayilo ya Word, popeza kompyuta ya kumeneko ikhoza kusuntha zinthu. Posunga PDF sankhani `Standard`, osati `Minimum size`. Kenako itseguleni, muikulitse kufika pa 400%, muyang'ane manambala a m'mbali mwa tchati. Akakhala osalala ngati mawu a m'ndime, zili bwino. Akaoneka timabokosi, pena pake palowa chithunzi cha timadontho tochepa, bwererani ku Excel.

Ya mlembi uja tinaiyeza pa 15.5 ndi 8.5, tinaimata ngati `Enhanced Metafile`, miyezi yonse 12 n'kukwana. Chinatsala chinthu chimodzi: makina opulintira anali a inki yakuda yokha, ndipo mizati yofiira ndi yobiriwira, ya chaka chino ndi chatha, inatuluka yotuwa mofanana. Tinabwerera mu Excel, pa `Format Data Series` tinasankha `Pattern fill` kuti ya chaka chatha ikhale yamizeremizere, n'kupulinta tsamba limenelo lokha kaye tisanalipire masamba onse.