Kwa ophunzira fizikisi kuno ku Dedza: mayunitsi ndi zizindikiro pa momentamu

Ndachonga mayeso anu, ndipo ambiri mamakisi akukutherani pa funso la mpira wogunda khoma. Tiyeni tiliunikenso.

Mpira wolemera 150 g ukupita kukhoma pa liwiro la 20 m/s, ndipo ukubwerera pa 15 m/s. Funso likufuna kuti mupeze Δp, kusintha kwa momentamu ya mpirawo. Musanachulukitse chilichonse, sinthani magalamu akhale makilogalamu: 150 g ndi 0.15 kg. Ena munasiya 150 momwemo mu p = mv n'kupeza 3000 kg m/s, yomwe ndi momentamu ya njinga yamoto ya kabaza yonyamula anthu awiri ikuthamanga pa msewu wa M1. Kampira kokwana m'dzanja sikangafike pamenepo. Yankho likakula chonchi, bwererani pa mayunitsi.

Vuto lalikulu ndi chizindikiro. Velosite imakhala ndi kolowera, choncho jambulani kamuvi papepala, mulembe kuti kupita kukhoma ndi +. Pamenepo u = +20 m/s, koma v = −15 m/s chifukwa mpira watembenuka.

Δp = m(v − u) = 0.15(−15 − 20) = −5.25 kg m/s

Ambiri munachotsera 15 pa 20, n'kuchulukitsa ndi 0.15, n'kupeza 0.75. Nambala imeneyo ikanakhoza mpira ukanaboola khoma n'kupitirira kutsogolo pa 15 m/s. Dzifunseni motere: kungouimitsa mpirawo kumafuna kale 3 kg m/s, ndiye kuubweza kungafune zochepa kuposa apo bwanji?

Chizindikiro cha − chija musachifufute poganiza kuti mwaphonya, chikutiuza kuti khoma lakankhira mpira kumbuyo. Amene munalemba N s mwakhoza, ndi chimodzimodzi ndi kg m/s. N yokha ayi, imeneyo ndi yunitsi ya fosi.