Momwe mungabwezere masiku a Ramadhani amene simunasale

Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, imalola wodwala ndi wapaulendo kumasula swaumu n'kudzabweza pambuyo pake. Zomwe zili pansipa ndi za madhihabu a Shafi, omwe Asilamu ambiri kuno ku Malawi amatsatira.

Yambani ndi kulemba masiku. Chongani pakalendala tsiku lomwelo limene mwamasula, chifukwa ikadutsa Idi mutu umayamba kuchotsera wokha.

Kenako onani chimene chinakumasulitsani. Wapaulendo amaloledwa ngati mtunda ukupitirira makilomita pafupifupi 80. Kuchoka ku Mangochi kupita ku Blantyre ndi ulendo, koma Blantyre ndi Zomba mtunda wake sukwana. Muyeneranso kukhala mutatuluka m'mudzi kapena m'tauni mwanu Alfajiri isanalowe. Mukakwera basi ya 9 koloko m'mawa, tsiku limenelo mumalize kusala. Mukafika kumene mukupita muli ndi cholinga chokhalako masiku anayi athunthu, simulinso wapaulendo.

Wodwala malungo amabweza akachira, basi. Koma nkhalamba yofooka, kapena munthu wodwala impso amene dokotala wamuuza kuti kusala sikudzathekanso, sabweza. Iyeyo amapereka fidiya: muddi imodzi ya chakudya chodalirika m'deralo, monga chimanga kapena mpunga, pa tsiku lililonse, kwa munthu wosauka. Muddi ndi chakudya chodzaza manja awiri ophatikiza, ndipo pasikelo mashehe amaiyika pakati pa magalamu 600 ndi 750.

Pomwe anthu amasokonezeka kwambiri ndi pa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, chifukwa chigamulo chimatengera kuti ankaopera ndani. Tinene kuti mayi wamasula masiku 12. Ngati ankachita chizungulire n'kumaopa kuti iye mwini adwala, kapena ankaopera iye ndi mwana yemwe, amangobweza masiku 12 aja. Koma ngati iye anali bwinobwino, kungoti ankaopa kuti mwana sakula bwino m'mimba kapena mkaka uchepa, amabweza masiku 12 n'kuperekanso muddi 12. Makilogalamu 9 a mpunga akwanira. Ambiri amangopereka mpungawo n'kuganiza kuti nkhani yatha, pamene masiku akadali ngongole. A madhihabu a Hanafi iwo amati mayi wotere angobweza, popanda fidiya.

Pobweza, chitani niya usiku uliwonse, kusanache. Simukakamizidwa kusala motsatizana: Lolemba ndi Lachinayi lokha, masiku 12 amatha m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ludzu silivuta. Musasale pa Idi zonse ziwiri komanso masiku atatu otsatira Idi yozinga ziweto.

Malizani Ramadhani ina isanafike. Mukachedwa popanda chifukwa chomveka, masikuwo mudzabwezabe, n'kuwonjezerapo muddi imodzi pa tsiku, ndipo muddiyo imawonjezeka chaka chilichonse chimene mwadumphitsa. Koma mayi amene wachoka pa mimba n'kulowa pa kuyamwitsa, thupi lisakumulola kusala, za kuchedwa salipira.