Momwe mungaikire malemu pa chithunzi cha banja mogwirizana ndi achibale

Tiyerekeze kuti mwana wamkazi wakwatiwa chaka chino, koma bambo ake anamwalira zaka zisanu zapitazo. Pa chithunzi cha ukwati pali mayi, alongo ake awiri ndi mkwati, ndipo mkwatibwiyo akufuna kuti bambo ake aonekeponso. Ntchito ya pakompyuta payokha si yovuta kwenikweni. Chimene chimavuta n'chakuti malemuyo sanali bambo wa mkwatibwi yekha. Anali mwamuna wa wina, mchimwene wa wina, mwana wa wina, ndipo aliyense wa amenewa ali ndi chonena pa nkhope imeneyo. N'chifukwa chake ntchito imeneyi imayamba ndi kukambirana, kompyuta imabwera pambuyo.

Yambani ndi amene imfayo inawakhudza kwambiri

Munthu woyamba kumufunsa ndi mkazi wamasiye, kenako ana onse a malemu, kuphatikizapo a kwa mayi wina ngati alipo, ndiponso makolo a malemu ngati ali moyo. Musafunse pagulu la pafoni pomwe aliyense akuwerenga, chifukwa amene sakufuna amachita manyazi kukana anzake onse atavomera kale. Lankhulani ndi mmodzimmodzi, ndipo funso likhale lopereka mpata wokana. Mungati, “Amayi, ndimaganiza zoti chithunzi cha abambo chiikidwe pa chithunzi cha ukwati chija. Sindinayambe chilichonse. Inu mukuona bwanji?” Mawu akuti simunayambe ndi ofunika. Kumupatsa munthu chithunzi chothaitha ngati mphatso yodzidzimutsa n'kulakwa kwakukulu pa nkhani imeneyi, chifukwa wina amalira ndi chisangalalo pomwe wina chilonda chake chimayambanso kutuluka magazi.

Mufunsenso za chikhulupiriro. Anthu padziko lapansi saona zithunzi za omwalira mofanana. Pakati pa anthu ambiri a mtundu wa Aaborijini ku Australia, kuonetsa chithunzi cha womwalira kapena kutchula dzina lake kumapewedwa kwa nthawi, moti mawayilesi a kanema kumeneko amachenjeza kaye asanaonetse. M'mabanja ena achisilamu sapachika pakhoma zithunzi za anthu. Ena savutika ndi chithunzi, koma safuna kuona womwalira ataima pakati pa amoyo. Musaganize kuti mukudziwa kale maganizo a abale anu, makamaka a kuchimuna kapena kuchikazi omwe nawonso ali pa chithunzicho. Mkwati ndi makolo ake ayenera kufunsidwa, pakuti nkhope zawo zikhala pambali pa malemu.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Ngati mayi aja anakwatiwanso ndipo mwamuna wawo watsopano ali pa chithunzi, malo amene muike malemu ali ndi tanthauzo. Kuwaika pambali pa mayiwo kungakhumudwitse anthu awiri nthawi imodzi. Aikeni kumbali ya mwana wawo.

Wamasiye kapena mwana mmodzi akakana, maganizo anga ndi akuti chithunzicho chisapachikidwe pomwe iye azichiona ndipo chisatumizidwe pa intaneti. Mukhoza kupanga chanuchanu chosunga kuchipinda, koma muwauze kuti mwatero.

Gwirizanani za maonekedwe ake

Njira zilipo zitatu, ndipo banja lisankhe musanadule kalikonse. Yoyamba ndi kuika chithunzi cha malemu ngati chithunzi ndithu, m'kafelemu pakona, kapena ngati chili patebulo kapena pakhoma kumbuyo kwa anthu. Imeneyi siinamiza aliyense ndipo mabanja ambiri amailandira mosavuta. Yachiwiri ndi kuwaonetsa moziralira pamwamba kapena kumbuyo. Yachitatu ndi kuwaimika pamzere ngati analipo tsikulo.

Njira yachiwiri ija muisamale. Munthu woonekera ngati utsi kumbuyo kwa amoyo amaoneka ngati mzukwa kwa anthu ambiri. Si zachilendo: wojambula wa ku America, William Mumler, ankagulitsa zithunzi zoterezi ponena kuti wajambula mizimu, mpaka anaimbidwa mlandu wachinyengo mu 1869. Choncho ngati banja lasankha njira imeneyi, onetsani mutu ndi mapewa okha, nkhope ikhale yooneka bwino, kuziralira kukhale m'mphepete mokha. Njira yachitatu ndi yovuta kuposa zonse, ndipo ndi imene ndifotokoze pano, chifukwa woidziwa angathe zinazo.

Kusankha ndi kukopera chithunzi chakale

Musathamangire chithunzi chokongola kwambiri. Sankhani chimene chikugwirizana ndi chithunzi chatsopanocho pa zinthu ziwiri: komwe kuwala kukuchokera ndi komwe munthu wayang'ana. Onani mthunzi wa mphuno ndi wa pansi pa chibwano. Ngati pa chithunzi cha ukwati mithunzi ikugwera kumanja, ya pankhope ya malemu igwerenso kumanja. Zikasemphana, ngakhale mwana amaona kuti pali cholakwika ngakhale sangathe kuchitchula. Ena amakonza vutoli potembenuza chithunzi, kumanzere kukhala kumanja. Musatero. Nkhope ya munthu siifanana mbali zonse, ndipo chipsera, mpata wa mano, kapendekedwe ka kumwetulira ndi mphete ya pachala zonse zimasamukira mbali ina. Mkazi amene anakhala naye zaka zambiri adzangoti, “Awa si iwo.” Funani chithunzi china. Mufunsenso banja kuti likufuna kuwakumbukira ali a msinkhu uti, ndipo zithunzi za nthawi ya matenda muzipewe.

Chithunzi chapapepala chikopereni pa sikana pa 600 dpi, kutanthauza timadontho kapena mapikiselo 600 pa inchi iliyonse. Chifukwa chake ndi ichi. Tinene kuti chithunzi cha ukwati ndi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo mutu wa mlongo amene waima pafupi ndi wotalika mapikiselo 450. Pa chithunzi chakale mutu wa bambo ndi wa masentimita 2. Mukakopera pa 300 dpi, mutuwo ukhala mapikiselo pafupifupi 236, ndipo mudzakakamizika kuukulitsa kawiri, nkhope n'kusungunuka. Pa 600 dpi ukhala pafupifupi 472, ndiye mungochepetsa pang'ono. Kuchepetsa sikuononga, kukulitsa ndiye kumaononga.

Ngati sikana palibe, jambulani ndi foni pamthunzi masana, popanda fulashi, foni italunjika bwino pamwamba pa chithunzi chomwe mwachichotsa m'galasi. Wachibale akamakutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati Document, chifukwa njira yanthawi zonse imachepetsa chithunzi. Ndipo ngati chithunzi cha ukwati chinajambulidwa ndi katswiri wolipidwa, mupempheni chilolezo chosintha ntchito yake komanso fayilo yaikulu.

Kuphatikiza zithunzi ziwirizo

Pulogalamu ya GIMP ndi yaulere ndipo imakwanira. Gwirani ntchito pa kope, zithunzi zoyambirira zikhale padera. Tsegulani chithunzi cha ukwati, kenako File > Open as Layers kuti chithunzi cha malemu chibwere pamwamba pake ngati leya yapadera.

Musafufute kumbuyo kwa malemu ndi chofufutira. Pitani pa Layer > Mask > Add Layer Mask kuti muike chigoba pa leya ya malemu, musankhe yoyera, ndipo mupake ndi burashi yakuda paliponse pamene mukufuna kubisa. Mukapyola malire, pakani yoyera ndipo chobisikacho chibwerera. Pa mapewa ndi zovala burashi ikhale yolimbako m'mphepete, patsitsi ikhale yofewa. Kulitsani chithunzi pasikirini ndipo musafulumire, pakuti kamzere koyera kotsalira kuzungulira khutu ndi komwe kamaulula kuti munthu wachita kumatidwa.

Kenako yezani kukula ndi Scale Tool. Yerekezani mutu wa malemu ndi wa munthu wamkulu amene waima pamzere womwewo, osati wa kutsogolo, chifukwa wapafupi ndi kamera amaoneka wamkulu. Za kutalika, funsani amene ankawadziwa: kodi bambo ankamposa mwana wawo wamwamuna, kapena ankalekeza m'khutu mwake?

Malo abwino ndi mzere wakumbuyo. Zithunzi zakale zambiri zimalekeza pachifuwa, ndipo mapazi ndi ovuta kuwaimika pansi mokhulupirika. Malemu akaima kumbuyo kwa mkwatibwi ndi mlongo wake, matupi a awiriwa amabisa zonsezo. Pa chigoba chomwe chija, pakani chakuda pomwe phewa la mkwatibwi liyenera kukhala kutsogolo. Kutenga thupi la munthu wina n'kuikapo mutu wa malemu ndi chinthu chimene sindingalimbikitse, ndipo ngati palibiretu njira ina, banja lidziwe.

Chotsala ndi mtundu. Zithunzi zakale zimafiira kapena kuchita chikasu. Pa leya ya malemu, mutadina kaye kachithunzi ka leyayo osati ka chigoba chake, gwiritsani ntchito Colors > Color Balance kuchotsa kufiirako, ndi Colors > Curves kuti mbali zakuda zide mofanana ndi za anthu ena. Yerekezani kolala yoyera ya malaya awo ndi chovala choyera cha wina pa chithunzipo. Khungu lawo likhale monga linalili, musaliyeretse kapena kusalaza makwinya. Pomwe phewa la wamoyo laphimba chifuwa chawo, pakani kamthunzi kofewa pa leya yatsopano n'kutsitsa Opacity, yomwe ndi mphamvu ya kuoneka kwa leyayo, mpaka kamthunziko kasamaonekere patali. Mitundu ikakanika kugwirizana, sandutsani chithunzi chonse kukhala chakuda ndi choyera ndi Image > Mode > Grayscale. Nthawi zambiri zimenezi zimathetsa vutolo.

Musanasindikize

Sungani fayilo ya XCF yomwe imasunga maleya, kuti wina akapempha kusintha musayambirenso, ndipo mutulutse JPEG kudzera pa File > Export As. Chithunzi cha mapikiselo 4000 ndi 3000 chimatuluka bwino mpaka pafupifupi masentimita 34 ndi 25. Sindikizani kakang'ono kaye, mukaonetse wamasiye ali payekha, mutamuuziratu chimene mwabweretsa. Akati maso kapena kamwa sizili bwino, mukhulupirireni ndipo mukakonze.

Pansi kapena kuseri kwa chithunzi lembani dzina la malemu, chaka chobadwa ndi chomwalira, tsiku la ukwati, ndi mawu onena kuti chithunzi chawo chinaikidwapo powakumbukira. Popanda mawu amenewa, adzukulu adzakhulupirira kuti agogo awo analipo pa ukwati umene unachitika iwo atamwalira kale. Chithunzi chenicheni cha tsikulo chisungidwenso pamodzi ndi chatsopanochi. Za kuika pa intaneti mufunse padera, chifukwa amene wavomera kuti chipachikidwe m'nyumba sikuti wavomeranso kuti anthu osawadziwa azichigawana.