Momwe mungapikulire katundu pagulu kuti mtengo utsike

Pa Chitakale kapena pa Limbuli mupeza maokala asanu ondondozana, onse akugulitsa shuga, koma mwini wake aliyense amakwera yekha minibasi ya ku Limbe kukatenga mabelo anayi. Wa holoselo sangatsitsire mtengo munthu wa mabelo anayi. Mukasonkhana n'kufunsa 20 pakamodzi, amayamba kumvetsera.

Yambani ndi anthu anayi kapena asanu amene mumadziwa pakhomo pawo, ndipo musankhe katundu mmodzi yekha woyenda msanga, wosaola: shuga, sopo kapena mafuta ophikira. Zina mudzawonjezera mukazolowerana. Aliyense anene kuchuluka kumene amagulitsadi pa masabata awiri, osati kumene amalakalaka.

Kenako imbirani maholoselo atatu. Funsani mtengo wa belo limodzi kaye, ndiyeno wa mabelo 20 olipira kashi, komanso ngati mtengowo ukhalapo mpaka mawa, chifukwa shuga amatha kukwera muli m'njira.

Tsopano cholembera m'manja. Tiyerekeze kuti belo la mapaketi 20 lili pa K60,000, ndipo ulendo wa munthu mmodzi ndi mabelo anayi umadya K15,000. Belo limafika pa okala lili pa K63,750. Pagulu akuchotserani K1,500 pa belo, anthu awiri apita, ndipo galimoto, onyamula ndi nkhomaliro zakwana K40,000, kutanthauza K2,000 pa belo. Belo lafika pa K60,500. Aliyense wapulumutsa K13,000, atatu osatseka n'komwe okala. Onani kuti gawo lalikulu lachokera ku thiransipoti, choncho musakhumudwe wa holoselo akachotsa pang'ono. Thiransipotiyo muzigawana potengera mabelo, kuti wa awiri asalipire mofanana ndi wa asanu ndi limodzi.

Pamene magulu amagwera ndi pa ndalama. Aliyense apereke zonse dzulo lake la ulendo, zilembedwe m'kope, asayine onse akuona. Gulu lathu loyamba linathera pa mawu akuti "ndiikireni, ndibweza Loweruka". Tinamuikira, Loweruka linadutsa, ulendo wotsatira mabelo sanakwane ndipo mtengo wotsika uja unatithawa. Wosapereka adikire ulendo wina, ngakhale akhale alamu anu. Wotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba aikeponso yotapira.

Opita akhale awiri, mosinthanasinthana, ndipo abwere ndi lisiti. Awerenge mabelo asanakweze, agwire pansi pa lililonse: pakamata kapena shuga akamayoyoka, muli paketi yong'ambika, asinthitse pomwepo. Chowonongeka m'njira ndi cha gulu lonse, ndipo zimenezi mugwirizane musananyamuke. Nyengo ya mvula musaiwale lona, mvula ya kuno siichenjeza.

Tsiku lopikula liikeni kutatsala masiku atatu kuti a m'minda ya tiyi alandire, katundu asagone pa shelefu ndalama za anthu asanu zili momwemo.