Should, must ndi might: momwe mungasankhire polemba Chingerezi

M'Chichewa timati "muyenera kupita kuchipatala" polangiza mnzathu, ndipo timatinso "muyenera kukhala ndi laisensi" ponena za lamulo la pamsewu. Mawu ndi omwewo, womva amasiyanitsa yekha. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi pakati pa *should* ndi *must*, ndipo apa ndi pomwe amapunthwa ambiri olemba makalata, zidziwitso ndi mayeso a MSCE.

Musanalembe, dzifunseni: munthuyo akapanda kuchita, chimuchitikire n'chiyani? Ngati pali chilango kapena ngozi, lembani *must*. Ngati angotaya phindu koma ufulu wosankha ndi wake, lembani *should*. *You should plant with the first good rains* ndi langizo, mlimi atha kulitsatira kapena ayi. *You must repay the loan by June* ndi lamulo, wolephera akumana nazo. Ndiye chenjerani polembera akuluakulu. Kuuza bwana kuti *you must reply* kumamveka ngati mukuwalamula, ngakhale mumtima mumangofuna kupempha. Pamenepo lembani *could you please reply*.

Msampha waukulu uli pokana. Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi akulemba chidziwitso cha msonkhano. Akufuna kunena kuti mamembala asavutike kubwera ndi ndalama m'manja, popeza atha kulipira pa foni, koma wobwera nazo alandiridwa ndithu. Iye akulemba kuti *members must not bring cash*. Chiganizochi chilibe vuto la galamala, n'chifukwa chake n'chovuta kuchigwira, koma chanena zina: chaletsa. Wochiwerenga amva kuti kubwera ndi ndalama ndi mlandu. Choyenera kulemba ndi *members do not have to bring cash*.

Chimasokoneza n'chakuti *must* ndi *have to* amafanana tanthauzo povomera, koma mukangoikapo *not* amasiyana njira. *Must not* ndiye "osatero ayi". *Do not have to* ndiye "sikofunika, koma mukafuna chitani". Njira yodziyesera ndi iyi: onjezani m'Chichewa mawu oti "koma mukafuna mutha kutero". Akagwirizana ndi zomwe mukutanthauza, *must not* si malo ake. Pa botolo la mankhwala ophera tizilombo kapena pa pepala la mankhwala akuchipatala, mukaona *must not* musakambirane nazo, chifukwa nthawi zambiri pamakhala pa moyo wa munthu.

*Might* salamula ndipo salangiza. Ndi "mwina" wathu uja. *It might rain tomorrow* akutanthauza kuti mvula itha kugwa, ithanso osagwa. Musamulembe pamalonjezo. Wogula akakulemberani kuti *we might collect the groundnuts on Friday*, sanalonjeze kanthu, musathamangire kubwereka ngolo.

*Must* alinso ndi ntchito yachiwiri, ndipo pano Chichewa chimatithandiza. Tikaona khomo lotseka dzuwa litakwera timati "ayenera kuti apita kumunda". Sitikulamula munthu, tikungoganizira kuchokera pa zomwe taona. Chingerezi chimateronso: *she must be in the garden*. Mukakhala ndi umboni wochepa mumatsika n'kunena *she might be in the garden*. Mukatsimikiza kuti sizingatheke, mwina mwamuona kumsika posachedwa, mawu ake ndi *she can't be in the garden*.

Za kalembedwe n'zachidule. Pambuyo pa aneni atatuwa pamabwera mneni wosasintha, wopanda *to*. Ambiri amalemba *must to go* chifukwa m'mutu muli "ayenera kupita", ndipo "ku" uja amamusandutsa *to*. Chotsani. Musaikenso *s* ngakhale mukunena za munthu mmodzi: ndi *he must go*, osati *he musts go* kapena *he must goes*. Pofunsa simufuna *do*, mumangoyamba ndi mneniyo: *should I come?*

Pa zinthu zakale m'pofunika kudekha. Ponena za udindo womwe munali nawo dzulo, *must* sagwira ntchito, mumalemba *had to*: *I had to sell two bags*, ndinakakamizika kugulitsa matumba awiri. *He must have sold the maize* si lamulo konse, akutanthauza kuti ayenera kuti anagulitsa chimangacho, poona kuti nkhokwe ili mbee. *He should have sold the maize* ndi dandaulo: anayenera kugulitsa koma sanatero, ndipo pano chafumbwa.